Tirasi ya nambala 3 ndi lipoti la masamba khumi ndi anayi

Zinayamba ndi tizibenthu tofiirira tomwe tinkapezeka pamwamba pa matumba m'mawa uliwonse. Ndimayang'anira shedi ya kopaletivi yathu, momwe timasungamo feteleza mvula ikamayandikira, ndi chimanga komanso nandolo tikakolola. Mlonda ankati ndi zitosi za mileme. Tsiku lina ndinatola kamodzi n'kukafikisa ndi zala, kananyenyeka ngati bisiketi. Linali dzimbiri, lochokera ku matirasi achitsulo onyamula denga.

Wowotcherera wa pamsika atabwera anayang'ana kumwamba manja ali m'thumba. "Bwana, apa n'kungopala ndi bulashi, tipake redi okusayidi, basi." Ndikanavomera, chifukwa mtengo wake unali wabwino, koma a inshulansi anafuna kalata ya injiniya wolembetsedwa yonena kuti dengalo lili bwino. Ndi mmene ndinalowera m'nkhani ya lipotili.

Mayi injiniya amene tinawapeza anandifunsa zinthu zitatu pa foni: mapulani a nyumbayo, chaka chomwe tinapaka penti komaliza, ndi zomwe timasungamo. Mapulani kunalibe, penti palibe ankakumbukira. Nditatchula feteleza anangoti, "Ehe, ndiye musunthe matumba onse a m'mbali mwa makoma, ndifuna kufika pomwe tirasi iliyonse yakhalira." Fumbi la feteleza ndi mchere, limakoka chinyezi cha mumpweya n'kumata pachitsulo, ndiye chitsulocho chimakhala chonyowa ngakhale kunja kuli ng'amba. Kusuntha matumbawo ndi kubwereka sikafodi kunatitengera masiku awiri, ndipo ndalama yake sinali m'kotesheni ya injiniya. Makwerero wamba anawakana, poti munthu sangayeze chitsulo dzanja lina litagwira khwerero.

Shediyo ili ndi matirasi asanu ndi anayi, iliyonse yodutsa mamita 12 kuchoka khoma ili kufika linalo, motalikirana mamita 4. Poti mapulani kunalibe, anayamba ajambula okha tirasi imodzi papepala, n'kulemba ndi choko T1 mpaka T9 kuyambira kukhomo. Zitsulo zake ndi angolayini wa mamilimita 50 mbali zonse, wochindikala mamilimita 5, awiriawiri otsamirana misana, ndipo pomwe zakumana pali mbale yachitsulo yomangidwa ndi mabawuti. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kulemba manambala omwe ankanditchulira ali pamwamba.

Ndinawatengera kaye ku T7, yomwe inkandisowetsa tulo. Dzimbiri lake linali litatukumuka ngati makwa a mtengo. Anaimenya ndi kanyundo, zibenthu n'kugwa mbwee, kenaka anapala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chinawala, n'kuyeza ndi kalipa, kachida kokhala ngati sipanala koyezera kuchindikala. "Lembani 4.7." Ndinadabwa. Anandifotokozera kuti chitsulo chikasanduka dzimbiri chimafufuma kangapo kuposa mmene chinalili, choncho chibenthu chochindikala chikhoza kuchokera ku chitsulo chochepa kwambiri. Chomwe iwo amafuna si kuchuluka kwa dzimbiri ayi, koma chitsulo chomwe chatsala pansi pake. Pamalo alionse ankayeza katatu kapena kanayi, n'kutenga nambala yotsikitsitsa.

Vuto lenileni linali pomwe ine sindinayang'anepo n'komwe. Nsonga za matirasi anazikwirira m'khoma la njerwa, ndipo mbali ya kum'mawa gatala wakhala akudontha kuyambira pomwe namondwe Freddy anamupotoza mu Marichi 2023. Pa T3 anauza mnyamata wathu kuti agumule njerwa ziwiri. M'katimo munali chinyontho, ndipo angolayini awiri aja anali atakankhana. Dzimbiri lomera pakampata ka pakati pawo linawatanula mpaka mutu wa bawuti imodzi unatsala ngati njere ya nandolo. Kalipa inawerenga 3.4. Anawerengera pomwepo: 5 kuchotsa 3.4 ndi 1.6, ndipo 1.6 pa 5 ndi 32 peresenti. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulocho linali litapita, pamalo pomwe katundu yense wa tirasi amatsikira kukhoma. Atamenya mbale ija ndi kanyundo, m'malo molira ngwee inangoti phu, ndipo pakona panabooka.

Sanadikire lipoti. Anatsika, n'kundiuza kuti, "Bambo, pansi pa iyi pasadutse munthu kuyambira pano. Pezani mizati iwiri lero." Anandionetsa poyiika, pansi penipeni pa mfundo yomwe zitsulo zakumana. Mukachirikiza pakati pa chitsulo mumachipinda, poti angolayini wa tirasi anapangidwira kukokedwa kapena kukankhidwa m'litali mwake, osati kusenza cham'mbali.

Lipoti linabwera patatha sabata ndi theka, masamba khumi ndi anayi, ambiri a zithunzi. Komiti yathu inathamangira kutsamba lomaliza kufuna mtengo, koma mtima wa lipotilo ndi tebulo la pakati, lomwe mzere uliwonse umatchula tirasi, chitsulo chake, muyeso woyamba, muyeso wotsala, gulu la kuopsa kwake, chochita, ndi tsiku lomalizira. Magulu anali anayi. Gulu 1 ndi pomwe penti yatha koma chitsulo sichinachepe. Gulu 2 ndi pomwe chachepa osapitirira 10 peresenti, gulu 3 kuyambira pamenepo kufika 25, ndipo gulu 4 ndi kupitirira apo, kapena pomwe pabooka, pang'aluka, kapena bawuti yadyeka. Malire amenewa anawalemba okha koyambirira kwa lipoti, ndipo anandichenjeza kuti injiniya wina akhoza kugwiritsa magulu asanu kapena kutembenuza manambala, 1 n'kukhala woopsitsa. Ndiye musanawerenge tebulo la lipoti lililonse, yambani mwapeza tsamba lomasulira magulu.

Mzere umodzi unautsa mkangano. Pa T4 panali chitsulo chopendekera chomwe chinachepa 18 peresenti yokha, koma anachiika m'gulu 4. A tcheya, omwe anaphunzitsapo masamu, anati apa injiniya walakwitsa tebulo lake lomwe. Tinawaimbira. Yankho linali lakuti chitsulocho chimakankhidwa, sichikokedwa, ndipo atayala chingwe m'litali mwake anapeza kuti chayamba kale kupindika. Chitsulo chokokedwa chili ngati chingwe, chimagwirabe mpaka chotsalacho chitalephera. Chokankhidwa chili ngati bango lomwe mwalitsamira, likangoyamba kukhota limagonja mwadzidzidzi. Anawonjezanso kuti denga la malata n'lopepuka, moti mphepo yamkuntho ikamalinyamula zinthu zimatembenuka, chitsulo cha pansi chomwe chimakokedwa masiku onse n'kuyamba kukankhidwa. Peresenti ndi poyambira chabe, gulu limadaliranso ntchito ya chitsulocho. Chiganizo chimenechi sichinali mulipoti, ndipo tinawapempha kuti achilembemo.

Pa matirasi onse, malo atatu anali a gulu 4, onse kum'mawa, asanu a gulu 3, otsalawo 1 ndi 2. T7 yanga ija inali gulu 2. Panalinso kandime komwe anthu amakalumpha, konena zomwe sanathe kuona: pamwamba pa zitsulo zogonapo malata, ndi nsonga zinayi za kumadzulo zomwe sitinagumule. A inshulansi anakaona kandimeko, ndipo tinachita kugumula zinayizo n'kuwaitananso mayiwo. Ulendo wachiwiriwo ndikanaupewa ndikanagumula zonse tsiku loyamba.

Pomwe ndinalimbana nawo kwambiri ndi pa zoyenera kukonza. Lipoti loyamba linangoti T3 ilimbitsidwe pomwe yakhalira. Nditapereka kwa makontirakitala atatu, mitengo inabwera yosiyana ngati akunena nyumba zitatu, chifukwa aliyense anamva zake. Wina ankafuna kungowotcherera kachitsulo pamwamba pa chodyekacho. Ndinabwerera kwa mayi injiniya kukapempha chojambula, ndipo ngakhale tinalipira pang'ono powonjezera, tsamba limodzi limenelo ndi lomwe linagwira ntchito kuposa ena onse. Linati tirasi ikhale pamizati mpaka ntchito ithe. Mbale yobookayo ichoke, ilowe yatsopano ya mamilimita 8. Chigawo chodyeka cha angolayini chidulidwe, chatsopano chilumikizidwe ndi mabawuti a M16 a giredi 8.8 pomwe chitsulo chakale chikadali chathunthu, ndipo malowo anachita kuwalemba ndi choko atayezanso. Kuwotcherera pachitsulo chopyapyala chadzimbiri anakaniza, poti moto umangochibowola ndipo msoko wake sugwira. Chitsulo chopindika cha T4 anati chisawongoledwe, chisinthidwe. Njerwa zozungulira nsonga zonse zisabwezeredwe mothina, pasiyidwe mpata wolowa mpweya ndi dzanja la wopenta. Ndipo girayinda kapena moto zisanayake, feteleza yense atuluke m'shedimo.

Za penti zinali ndi ndime yakeyake, ndipo apa ndi pomwe wowotcherera uja akanatipweteka mosadziwa. Choyamba n'kutsuka zitsulo ndi madzi oyera, chifukwa mukapala osatsuka mumangokwirira mchere wa feteleza, ndipo penti imatuluka matuza miyezi ingapo. Kenaka kupala mpaka mlingo womwe lipoti linautcha St 3, wa mu ISO 8501-1, kutanthauza kupala ndi zida mpaka chitsulo chioneke kuwala kwake, osati kungochotsa zofumbutuka. Penti yake inali epokisi wopirira chitsulo chopalidwa ndi manja, wochindikala mamayikuloni 240, pafupifupi kota ya milimita, zigawo zonse zikauma, ndipo m'mphepete, m'makona ndi pamitu ya mabawuti ankayamba apakamo ndi bulashi paokha popeza penti imathawa pakuthwa. Analetsa kupenta m'mamawa chitsulo chikadali ndi mame, kapena chinyezi cha mumpweya chikapitirira 85 peresenti. Anyamata a kontirakitala zimenezi zinkawanyansa, ankafuna kuyamba 6 koloko kuti aweruke msanga.

Mayiwo anabwera kawiri ntchito ili m'kati, tirasi isanatsitsidwe pamizati komanso penti yomaliza isanapakidwe. Ulendo wachiwiriwo anagunditsa kamakina koyezera penti pansi pa angolayini wa T5, mbali yosaoneka munthu ali pansi, n'kupeza mamayikuloni 90 okha. Anyamata a kontirakitala anabwereza kupenta chigawo chonsecho. Gatala tinasintha yense, tinaboola mazenera a mpweya kumtunda kwa makoma awiri, ndipo feteleza tsopano amakhala pamapaleti pakati pa shedi, wofunditsidwa, thumba long'ambika n'kusesedwa tsiku lomwelo.

Kalata yomaliza inatchula kuti malo a gulu 4 ndi 3 akonzedwa, a gulu 2 ayezedwenso pakatha miyezi khumi ndi iwiri pamadontho omwewo. Madonthowo anawazunguliza ndi penti yachikasu kuti woyeza wina asadzasochere. Pa T7 alipo atatu, ndipo pambali pa lililonse ndinalembapo ndekha ndi maka muyeso wa tsiku lija, 4.7, 4.8 ndi 4.7.