Kukhala kubere si kuyamwa

M'kalasi tinaphunzira kuti nkhosa imakhala ndi bere masiku pafupifupi 147, ndipo mwana akabadwa ayenera kumwa mkaka woyamba, wachikasu uja, pasanathe maola awiri. Ndinalemba m'kope, mayeso ndinakhoza. Koma kumvetsa kwenikweni kunabwera mu Juni, m'khola la atsibweni anga kufupi ndi Ngabu.

Nkhosa ina inaswa mapasa usiku. M'mawa ndinaona onse awiri ali kunsi kwa mayi wawo, timichira tikugwedera, ndiye ndinakauza atsibweni kuti zonse zili bwino. Anangondiyang'ana. "Iwe mphwanga, mimba zawo wagwira?"

Ndinabwerera. Ndinanyamula wamkulu n'kumugwira kuseri kwa nthiti: mimba inali yodzaza. Wamng'onoyo mimba inali itaphwa, waima mopinda msana. Titakama, bere lakumanzere silinatulutse kanthu. Kunsonga kwake kunali kotseka ndi kaphula kamene kamakhalapo nkhosa isanabereke. Wamkulu anali atalanda bere labwino, mnzakeyo ankangoyamwa mphepo usiku wonse. Atsibweni anafinya kangapo, kaphulako kanatuluka, mkaka n'kuyamba kubwera. Bere likanakhala lolimba, lotentha, mkaka wake wamibulu, imeneyo ikanakhala nthenda yoitanira alangizi a ziweto.

Ine ndinathamangira kutenga kapu kuti ndimumwetse. Anandiletsa, akuti ndiyambe ndapisa chala m'kamwa mwake. Munali mozizira, ndipo sankachiyamwa n'komwe. Anthu amati kuchigwa kuno kulibe chisanu, koma m'bandakucha wa mu Juni mwanawankhosa wanjala amazizidwa ndithu. Wotereyu ukamuthira mkaka m'kamwa umapita kumapapo, basi wamupha wekha. Tinamukulunga m'thumba n'kumuika pafupi ndi moto mpaka anayamba kudzutsa mutu n'kuyamwa chala.

Apa mpamene zam'kope zinagwira ntchito. Mlingo wake ndi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse, ulendo umodzi. Pasikelo yogulira thonje analemera makilogalamu awiri, choncho tinakama mamililita 100 n'kumumwetsa pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano, cham'mbali mwa kamwa, kudikira ameze kaye. Tsiku loyambalo amafunika kumwa chonchi kanayi. Sitikanazengereza, chifukwa pakatha tsiku limodzi matumbo salandiranso chitetezo cha mumkakamo. Mchombo tinaupaka ayodini. Ntchentche za kuno sizichedwa.

Masiku atatu otsatira tinatsekera mayi ndi ana ake m'kakhola kapadera, kamthunzi. Kanayi pa tsiku ndinkagwira wamkuluyo kuti wamng'ono ayambe ndiye kuyamwa. Mayiyo tinkamupatsa madeya, masangwi a mtedza ndi madzi osadukiza, poti nthawi imeneyi msipu umakhala ukuuma, ndipo nkhosa yaludzu mkaka wa ana awiri siingakwanitse. Tsiku lachinayi ndinapeza kamwanako kakudzuka kutulo n'kudziwongola, ndipo nditakanyamula kanandikodzera pamalaya.