Mmene ndinabwezera deta ya masiku atatu osatsamwitsa seva

Ndimayang'anira kompyuta ya gulu la alimi kuno ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Thumba la kachewere kapena nyemba likakwera pasikelo m'madepoti athu, kulemera kwake kumalembedwa ngati mzere umodzi, ndipo ola likangokwana pulogalamu imatumiza mizere yatsopano ku seva ya ku Lilongwe, komwe amawerengera malipiro a alimi.

Netiweki inaduka Lachinayi 10 koloko m'mawa, n'kubwera Lamulungu nthawi yomweyo. Masikelo sanaleke kugwira ntchito, choncho m'maola 72 amenewo munaunjikana mizere 36,000.

Netiweki itangobwera, pulogalamu inayang'ana pomwe inalekezera n'kuyamba kukhuthula zonse nthawi imodzi. Seva inayamba kuyankha `429 Too Many Requests`, kutanthauza kuti tachulutsa. Pulogalamu inkangobwereza osapuma, moti 11 koloko itakwana ntchito ya ola latsopano inadzuka inzake isanathe, ziwiri zonse n'kumalimbirana khomo limodzi. Mnzanga wa ku Lilongwe anandiimbira: "Achimwene, imitsani kaye, a m'maboma ena akulephera kulowa chifukwa cha inu."

Ndinaimitsa zonse. Kenako ndinalekanitsa ntchito ziwirizi, ndipo kwa ine apa ndi pomwe panagona nkhani. Pulogalamu ya ola lililonse ili ndi chizindikiro, `last_sent`, chosonyeza pomwe yafika. Ndinalemba kaye papepala malire a mpata wosowawo, kenako ndinasuntha chizindikirocho kufika Lamulungu 10 koloko, kuti iyo izingosamala zatsopano monga mwa masiku onse. Zakale ndinazipatsa kapulogalamu kakekake, kokhala ndi chizindikiro chakenso. Zikanagwiritsa ntchito chizindikiro chimodzi, yakale ikanachibweza mmbuyo, kapena yatsopano ikanachidumphitsa, mizere ina n'kusowa popanda wodziwa.

Panali vuto lina: pachipwirikiti chija mizere ina inali italowa kale, ndipo kuitumizanso mwachisawawa kukanachititsa kuti mlimi alipidwe kawiri pa thumba limodzi. Mwamwayi mzere uliwonse umapatsidwa nambala yakeyake pasikelo pomwepo. Mnzanga uja anatsimikiza kuti kumbali kwawo nambalayo siingalowe kawiri, ndipo polemba amamaliza motere:

```
ON CONFLICT (id) DO NOTHING
```

Mzere wobwera kachiwiri umangodutsidwa. Popanda zimenezi sindikanayerekeza kuyambiranso.

Mizere ija ndinaigawa m'magulu a 250, anakwana magulu 144. Ndinayamba ndi gulu limodzi lokha, ndinadikira kuti mnzanga aliwone kuti lafika bwino, kenako ndinalola gulu limodzi pa masekondi 30 aliwonse. Kapulogalamuko kankayamba mphindi 15 zitadutsa pa ola n'kuima pa mphindi 50, kuti ntchito ya nthawi zonse ikamadzuka ipeze njira ili yoyera. Mphindi 35 zimenezo zimatenga magulu 70, ndiye maulendo awiri akanamaliza 140, atatu otsalawo paulendo wachitatu. Seva ikayankha `429`, kankadikira mphindi imodzi, ikabwereza kankadikira ziwiri, kenako zinayi. Zinachitika kamodzi kokha. Chizindikiro chake chinkasuntha pokhapokha seva ikavomera kuti gulu lalowa, moti magetsi akanathima pakati, ndikanapitiriza pomwepo.

Madzulo tinawerenga mizere ola ndi ola, ine kuno, iye uko. Kuyerekeza chiwerengero chonse kumangokuuza kuti china chasowa, koma kuwerenga pa ola kumakulozera malo ake. Maola onse anafanana kupatula awiri oyambirira a Lachinayi, 10 mpaka 12 koloko, omwe anali opereweratu. Mtima unagunda, koma chifukwa chake sichinavute kupeza. Nthawi m'deta yathu imasungidwa mu `UTC`, nthawi imene dziko lonse limayezerapo mawotchi, ndipo nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Polemba malire m'kapulogalamu kaja ndinaika `10:00` ya pawotchi yanga, pomwe ndinayenera kuika `08:00`. Chotero kanayambira mochedwa ndi maola awiri, ndipo kumapeto kanatumizanso maola awiri a Lamulungu omwe anali atapita kale, amene seva inangowadutsa mwakachetechete. Ndinakonza malire, ndinatumiza maola awiriwo, manambala anagwirizana.

Chinatsala ndi malipoti. Seva imaphatikiza za tsiku lililonse pakati pa usiku, choncho malipoti a Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka anali atatsekedwa kale deta isanafike. Mizere inalimo, koma lipoti la Lachisanu linkaonetsabe ziro. Ndinapempha mnzanga kuti awerengetsenso masiku atatuwo, limodzi ndi limodzi, ndipo ndinauza mayi athu osunga chuma kuti asasindikize ndandanda ya malipiro mpaka lipoti la Loweruka litatuluka. Linatuluka cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo Lolemba m'mawa anayamba kulipira.