Momwe ndimagulitsira madiresi a kaunjika pa sitetasi

Ndikatsegula belo sindithamangira kujambula ayi, ndimayamba ndachapa ndi kusita. Kujambula ndimapanga m'mawa pakhonde, pamthunzi, chifukwa babu la m'nyumba limanamiza mtundu, diresi ya maruni imaoneka yofiira ndiye munthu akailandira mkangano umayambira pomwepo. Iliyonse mafoto atatu, kutsogolo, kumbuyo ndi pomwe pali vuto. Kaya ndi kadontho kokana kuchoka kaya zipi ndinasinthitsa kwa telala, ndimajambula pafupi nkulozapo ndi chala. Saizi ya pa lebulo musaidalire, zovala izi zimachokera maiko osiyanasiyana, ine ndimayala tepi m'chiuno ndi m'litali manambala azioneka pa foto pomwepo.

Mtengo ndimalemba pansi pa foto, zoti "mtengo ku inibokosi" zimangothawitsa anthu. Sitetasi imatha pakadutsa maola 24, komanso amaiona okhawo amene tinasungirana manambala, nde aliyense wondifunsa kuchokera mu gulupu ndimamuuza kuti asunge yanga inenso ndisunge yake. Mu gulupu ndimaponya tsiku lomwe adimini analoleza malonda basi.

Tinene mayi wina wa ku Area 25 wakonda ya K15,000. Tisanakambe za ndalama ndimamulembera zonse mu meseji imodzi: mtengo, ya kabaza padera ndipo alipira ndi iyeyo, tsiku, nthawi, malo okumanirana odziwika ngati pa filing'i siteshoni, komanso ngati akuwonjezera yotapira. Ayankhe kuti eya molemba, osati pa foni, mawu apakamwa amakanika mawa. Zoti "ndisungireni sisi ndilipira pa 30" popanda dipoziti ndimakana, diresi imakhala ya amene wayamba kulipira.

Pa malipiro ndiye pofunika maso. Sikirinishoti si ndalama, anthu amaikonza. Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la Airtel Money kapena Mpamba pamwamba ndipo imagwera pomwe pali mameseji akale a kampaniyo, ikachokera pa nambala wamba ya 099 kapena 088 dziwani kuti munthu wangoitayipa. Ngakhale ioneke bwino bwanji ndimayimbabe *211# kapena *444# kuona balansi, ngati sinakwere katundu satuluka. Enanso amaimba akulira kuti atumiza molakwitsa muwabwezere, amenewo ndimawauza ayimbire kampani yawo.

Balansi ikakwera ndimamuyankha kuti ndalandira K15,000, ndimajambula phukusi litamangidwa, nkumutumizira nambala ya wakabaza. Wakabaza wake ndi mmodzi yemweyo amene ndimadziwa pomwe amaima. Wa ku Mzuzu kapena Blantyre ndimatumiza pa koriya ndipo lisiti ndimalijambula ndisanachoke pa kauntala. Akangolandira ndimachotsa foto ija pa sitetasi ndi mu gulupu, apo ayi madzulo wina atumiza ndalama ya diresi yoti inapita kale.