Wondithamangitsa usiku sindinamuonepo nkhope

Lachinayi

Ndadzidzimukanso cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, khosi lili nyowe ndi thukuta, mtima ukugunda ngati wina akusinja m'chifuwa. Maloto ake ndi omwe aja. Ndili m'kanjira ka kumudzi kwathu ku Ntcheu kotsetserekera kudambo, chimanga chatalika uku ndi uku, kumbuyo kukumveka mgugu wa mapazi. Sindicheuka. Ndikati ndithamange miyendo imalemera ngati ndatitimira m'matope a kudimba, ndikati ndikuwe mawu satuluka. Pamene dzanja lake likuti lindigwire pa phewa, ndimadzuka.

Masana ndinapita kwa azakhali ku Kawale, kope langa lili m'chikwama. Iwo ndi amene anandiuza mwezi watha kuti ndizilemba. Anagwira unamwino zaka zambiri asanapume, nthawi zambiri usiku, ndiye za tulo ta anthu amazidziwa. Tsiku loyamba lija nditawafotokozera, sanatsutse zoti ndipite kukapemphereredwa monga anandilangizira amayi a kumpingo. Anangoti, "Kupemphera pemphera, mwanangu, koma ugulenso kope." Lamulo lawo linali lakuti kope ligone pafupi ndi pilo, ndipo ndikadzuka ndilembe ndisanatsike pabedi kapena kugwira foni, chifukwa maloto amasungunuka m'mphindi zochepa. Patsamba lakumanzere tsiku, malotowo, ndi mmene thupi likumvera podzuka. Patsamba lakumanja chilichonse cha dzulo lake chimene ndinachizengereza, kuchizemba kapena kunena kuti ndichita mawa.

Lero ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga m'lichero. Anapukuta manja pachitenje, navala magalasi, n'kuyamba kuwerenga chamumtima.

"Asanu ndi awiri m'masabata asanu," anatero. "Ndiye iwe ukuti ndani?"

Ndinati mwina ndi malemu agogo, poti kanjirako n'kopita kudimba kwawo. Anapukusa mutu. Anati funso lakuti ndani limasocheretsa, chifukwa maloto amabwereka nkhope ndi malo kulikonse kumene apeza. Amene anakulira kumene kuli gule wamkulu amathamangitsidwa ndi zilombo, wina galu, wina apolisi. Chimene sichibwerekedwa ndi mmene munthu akumvera. Anaika chala pa mawu amene ndinalemba kanayi konse osazindikira: m'mimba mwazizira, pakhosi pauma.

"Masana, uli maso, m'mimba mwako mumazizira choncho nthawi yanji?"

Sindinayankhe msanga. Ndinkayang'ana njere zikugwera m'lichero. Yankho ndinali nalo asanamalize n'kufunsa komwe, ndipo chimenecho n'chimene chandisowetsa mtendere tsiku lonse. Mumazizira foni ikalira, dzina la alamu likaoneka.

Chaka chatha alamu anandibwereka K180,000 yoti ndionjezere pogula belo la kaunjika. Belolo linatuluka loipa, zambiri zinali zong'ambika ndi majuzi olemera pamene kunja kunali kutatentha kale. Ndinabweza K60,000 yokha, kenako ndinasiya kuyankha foni. Sanandikalipirepo. Mwina akanandikalipira zikanapepuka.

Azakhali sanadabwe. Anatembenuza kope kuti tione tonse, n'kuyamba kuyendetsa chala kuchokera kumanzere kupita kumanja. Usiku woyamba: dzulo lake alamu anaimba kawiri, sindinayankhe. Wachiwiri: ndinaona galimoto yofanana ndi yawo pa depoti, ndinakhotera njira ina. Wachitatu: achemwali anatumiza uthenga wa za chinkhoswe cha kwathu, kumene alamu adzakhaleko. Pa masiku asanu ndi awiriwo, asanu anali ndi alamu patsamba lakumanja. Limodzi tsamba linali lopanda kanthu. Lotsalalo anandiuza kuti ndilichotse pa chiwerengero, chifukwa ndi sabata imene ndinadwala malungo, ndipo thupi likatentha munthu amalota zoopsa ngakhale alibe ngongole ndi aliyense.

Pamenepa anakhalitsapo, mwaunamwino wawo. Anandifunsa ngati ndayamba mankhwala atsopano alionse, n'kunena kuti efavirenzi, amene anthu ambiri omwa mankhwala otalikitsa moyo ankalandira kale, ankadziwika ndi maloto oopsa makamaka masabata oyambirira. Anafunsa za mowa, poti womwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi maloto amabwera mwaukali. Anafunsanso, motsitsa mawu, ngati pali amene anandithamangitsapo zenizeni kapena kundichita chipongwe. Anati maloto obwereza chinthu chimene chinachitikadi ndi nkhani ina, yofunika kukaonana ndi a zamaganizo kuchipatala, osati kumangofufuza m'kope. Zonsezo ndinati ayi.

Za miyendo yolemera ija anati ndisaope kuti wina wandimanga. M'gawo la tulo limene timalota kwambiri, ubongo umaletsa minofu ya manja ndi miyendo kugwira ntchito kuti tisamachite zimene tikulotazo, ndipo ambiri amaganiza kuti n'chifukwa chake kuthamanga kumakanika m'maloto. Gawo limenelo limabwerabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse ndipo limatalika kukamacha, n'chifukwa chake ine ndimadzidzimuka atambala ali pafupi kulira, osati nditangogona.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati zisanu mwa zisanu ndi chimodzi zikhoza kungochitika, komanso masiku ena alamu anaimba ine osalota kanthu. Anavomera. Anati kope si umboni wa kukhoti, limangoloza koyambira, ndipo munthu akafunitsitsa amatha kulumikiza maloto ndi chilichonse. Kuyesa kwake n'kumodzi: ukumane nacho chinthucho, upitirize kulemba masabata ena anayi, uone ngati malotowo achepa kapena asintha. Akapanda kusintha, ndiye kuti taloza polakwika, tifufuze pena. Zinandikumbutsa zimene ndinawerengapo za kafukufuku wa ku Canada wa mu 1986, amene anapeza kuti anthu omwe maloto awo obwerezabwereza anasiya anali ndi mtendere wa m'maganizo kuposa amene ankawalotabe. Koma sizitanthauza kuti chimodzi n'chimene chinachititsa chinzake, ndipo ine ndinagwira pomwepo ngati pothawira.

Ndisananyamuke anandipatsa ntchito ina yoti ndizichita masana, osati pogona. Ndikhale pansi mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse, nditseke maso, ndiyendenso m'kanjira kaja m'maganizo koma ndisinthe mathero ake mmene ndingafunire. Ndasankha kuti ndiziima pa mtengo wa mango uli pokhotera, n'kucheuka. Ndayesa madzulo ano. Kuima ndaima, koma khosi lakana kutembenuka, ngakhale ndili maso pampando wanga womwe.

Chimene chikundiwawa si ndalamazo kwenikweni. K120,000 ndikhoza kumabweza K20,000 pamwezi, pofika miyezi isanu ndi umodzi yatha. Ndawerengera kambirimbiri. Chikundiwawa n'chakuti munthu amene anandikhulupirira pamene wina aliyense anakana, ndamusandutsa chilombo cha m'munda wa chimanga. Ndipo achemwali akudziwa, ndimamva m'mawu awo akamandipatsa moni. Mu minibasi pobwerera ndinangoti duu kuyang'ana pawindo, kondakitala mpaka anachita kundigwedeza kuti ndilipire.

Uthenga ndalemba. "Alamu, pepani kwambiri chifukwa cha kukhala chete kwanga. Ndingabwere Loweruka tidzakambirane?" Ndafufuta "kwambiri", ndabwezeretsanso. Magetsi azima, foni yatsala ndi moto pang'ono, ndipo kope ndaliika kale pafupi ndi pilo. Mwina nditumize m'mawa, akadzuka. Kapena pano pomwe, kaya