Lachisanu la sabata ya 8 ku Nchalo: zobiriwira zinali pakamwa pokha

Lipoti la sabata lafika 9 koloko m'mawa, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo monga limachitira kuno ku chigwa mwezi wa Okutobala. Lachokera kwa gulu la ophunzira anayi a chaka chomaliza omwe ndikuwayang'anira pa pulojekiti yawo yomalizira maphunziro. Akupanga kachipangizo koyeza kukwera kwa madzi mumtsinje, komwe kamatumiza muyezo pa netiweki ya foni mphindi 15 zilizonse. Aliyense amene anaona madzi a Freddy mu Malichi 2023 safunsa kuti kachipangizo kotere n'kachiyani. Pulojekiti yonse ndi ya masabata 14, ndipo lero tatseka sabata ya 8.

Pa dashibodi yawo, tebulo loonetsa ndi mitundu mmene pulojekiti ikuyendera, pali mizere inayi: ntchito, masiku, ndalama ndi kagwiridwe ka chipangizo. Yonse inali yobiriwira. Pofika masana, titakhala pansi ndi manambala, itatu inali yachikasu ndipo umodzi unali wofiira. Anawa sananame ayi. Vuto ndi loti mtundu anausankha poyang'ana mmene akumvera mumtima, pomwe malire a manambala tinagwirizana kale sabata yoyamba ndipo ali papepala.

Tayamba ndi mzere wa ntchito, womwe watidyera nthawi. Ntchito iliyonse pa pulani ili ndi maola ake, ndipo gulu lonse pamodzi limapereka maola 30 pa sabata. Choncho pofika lero anayenera kukhala atamaliza ntchito za maola 240. Zomwe zatheratu, zokhala ndi umboni, ndi za maola 198. Zatsala ziwiri: kuyesa ngati chipangizo chikuwerenga molondola, ya maola 24, ndi kupanga bokosi losalowa madzi, ya maola 18. Iwo pa ntchito ziwirizi analemba kuti zafika pa 90 peresenti, n'kudzipatsa maola pafupifupi 38 mwa 42 aja. Akagawa 236 ndi 240 zimatuluka 0.98, zobiriwira bwinobwino.

Ndafunsa wotsogolera gulu kuti bokosilo lili kuti. Wayankha kuti, “Aphunzitsi, latsala pang'ono, kungoboola ndi kumata basi.” Sabata yatha analemba chimodzimodzi. Mawu oti “latsala pang'ono” amatha kukhala pa lipoti mwezi wathunthu, n'chifukwa chake lamulo lathu limati ntchito ikatha imalandira maola ake onse, ikapanda kutha imalandira ziro. Kutha kwake kumafunika umboni womwe munthu wina angauone, kaya chithunzi cha bokosi litathiridwa madzi kunja, mkati muli mouma gwa, kaya tebulo la miyezo. Lamuloli limayenda bwino ntchito zikakhala zing'onozing'ono, zosapitirira sabata imodzi. Ntchito ya maola 80 mukaiwerenga motere imakhala pa ziro masabata atatu, dashibodi n'kumalira popanda chifukwa, ndiye yotero imayenera kudulidwa zidutswa. Ndi lamuloli, 198 kugawa ndi 240 ndi 0.825.

Malire athu pa mzerewu ndi awa: kuyambira 0.90 kupita m'mwamba n'zobiriwira, kuyambira 0.75 mpaka pansi pa 0.90 n'zachikasu, pansi pa 0.75 n'zofiira. Mmodzi wa atsikana wafunsa funso lomwe ndimafuna gulu lililonse lizifunsa: “Nanga 0.75 ameneyu anachokera kuti?” Anachokera pa kalendala yawo yomwe. Chipangizo chiyenera kukhala chitamangidwa pamtsinje pofika Lachisanu la sabata ya 11, kuti apeze miyezo yokwanira yolembera lipoti lomaliza. Pulani yawo imati adzamanga Lachisanu la sabata ya 9, kutanthauza kuti anasunga masiku 10 ogwira ntchito ngati apadera. Pa sabata ya 8, nambala ya 0.75 ikutanthauza kutsalira ndi maola 60, omwe ndi masabata awiri, ndiye kuti masiku apadera onse aja atha. Nambala ya 0.90 ndi kutsalira ndi maola 24, osakwana sabata, omwe gulu likhoza kubweza lokha popanda kusintha pulani. Chikasu ndiye chili pakati: mwatsalira mokwanira kuti muchitepo kanthu, koma mpata ukadalipo. Gulu lomwe linasunga masiku 5 okha silingakopere malire amenewa, ofiira ake ayenera kuyamba msanga.

Nambala yogawa imeneyi ili ndi nthawi yomwe imanama. Pa sabata ya 2, pulani imakhala ndi maola 60 okha, ndiye ntchito imodzi ya maola 18 ikachedwa mumagwera pa 0.70, kufiira popanda ngozi yeniyeni. Kumapeto nakonso imakwera yokha kupita ku 1, chifukwa ntchito zonse zikatha, ngakhale mochedwa, zomalizidwa zimafanana ndi zapulani. Choncho masabata atatu oyamba sitiipaka mtundu, ndipo kumapeto timadalira mzere wachiwiri, wa masiku apadera omwe atsala. Lero tawerenga motere: maola 42 otsalira, pa maola 30 pa sabata, ndi masiku 7 ogwira ntchito. Pa 10 aja patsala atatu. Oposa 5 n'zobiriwira, kuyambira 1 mpaka 5 n'zachikasu, akatheratu n'zofiira. Apanso chikasu.

Za ndalama sitinachedwepo. Analemba zobiriwira chifukwa agwiritsa K410,000 pa K600,000. Koma funso si loti mwadya zingati. Funso ndi loti mukagula zonse zotsala pa mtengo wa lero, kuphatikizapo thiransipoti yokwera phiri kupita ku Blantyre kukazitenga, zidzakwana zingati. Zotsala zawo ndi za K235,000, ndiye zonse ndi K645,000, kupitirira bajeti ndi 7.5 peresenti. Tinagwirizana kuti kupitirira mpaka 5 peresenti tikhoza kupirira, mpaka 15 n'chikasu. Ndalemba chikasu, tapitirira.

Masana ndi pomwe panatuluka nkhani. Chipangizocho chakhala sabata yonse chikuyesedwa pamwamba pa thanki ya madzi. Chikatumiza mphindi 15 zilizonse, pa tsiku timayembekezera miyezo 96, pa sabata 672. Yafika 571. Iwo anati chikugwira, popeza nthawi iliyonse akayang'ana pa foni amapeza muyezo watsopano. Inde, chifukwa amayang'ana masana. Malire apa ndi olimba kuposa ena, 95 peresenti kuti zibiriwire, pansi pa 85 zifiire, chifukwa chipangizo chochenjeza za madzi chikakhala chete maola atatu, mtsinje ngati Mwanza kapena Ruo sudikira.

Titalowetsa manambala mu sipuredishiti, selo linaonetsa 85% koma mtundu unatuluka wofiira, mpaka mnyamata wina anati fomula yawonongeka. Sinawonongeke. 571 kugawa ndi 672 ndi 0.8497, ndipo selo limangoonetsa nambala yodulidwa pomwe fomula ikuyang'ana nambala yonse. Fomula yake ndi iyi, muyezo uli mu C5, malire a zobiriwira mu D5, a zofiira mu E5:

```
=IF(C5="","PALIBE",IF(C5>=D5,"BIRIWIRI",IF(C5>=E5,"CHIKASU","PSUU")))
```

Malire akhale m'maselo awoawo, osati obisika mkati mwa fomula, kuti aliyense aziwaona komanso kuti wowasintha aonekere. Selo lopanda nambala litulutse PALIBE, chifukwa mzere womwe sunayezedwe sabata imeneyo si wobiriwira. Mtundu weniweni umapakidwa ndi chida cha mu sipuredishiti chotchedwa Conditional formatting potengera mawuwo, koma mawuwo asachotsedwe: lipoti likasindikizidwa pa pulinta ya inki yakuda, zofiira ndi zobiriwira zimafanana, ndipo pali anthu ena omwe maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Kaya 0.8497 ndi wofiira kapena wachikasu, ine sindinalole kuti tikangane. Malire ndi malire, ndipo miyezo 101 yosowa ikufuna kufotokozedwa basi.

Titasanja miyezo potengera ola, chifukwa chinaonekera poyera. Yosowayo ndi pafupifupi 14 usiku uliwonse, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka dzuwa litatuluka. Netiweki ikanakhala yovuta, mipata ikanamwazikana tsiku lonse. Apa ndi batire. Kachipangizo kotumizira, SIM800L, kamakoka mphamvu mpaka maampu awiri pa kamphindi komwe kakutumiza, ndiye batire ikafooka m'bandakucha, magetsi amatsika n'kuzima kenako n'kuyambanso. Sola ikayamba kutchaja, zonse zimabwerera mwakale. Kukonza kwake, batire yokulirapo ndi kapasita wosunga mphamvu pafupi ndi kachipangizoko, kudya masiku awiri. Pa masiku apadera atatu aja, patsala limodzi, ndipo batireyo ikaonjezeranso pa ndalama zija.

Ndawakumbutsanso kuti pa ntchito yoyesa kulondola asayeze m'mawa mokha. Sensa yawo imayeza mtunda wofikira pamadzi pogwiritsa ntchito phokoso, ndipo liwiro la phokoso mumpweya limakwera ndi pafupifupi mamita 0.6 pa sekondi kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Pa madigiri 20 ndi mamita 343 pa sekondi, pa madigiri 40 ndi pafupifupi 355. Pa mtunda wa mamita anayi, kusiyana kumeneku ndi masentimita pafupifupi 14. Kuno madigiri 40 si nkhani, choncho muyezo wa masana ukhalepo pa umboni wawo.

Mtundu wa pulojekiti yonse ndaika wofiira. Mmodzi anayesa kuwerenga kuti zachikasu zitatu ndi chofiira chimodzi zikuphatikizana kukhala chikasu. Mitundu siphatikizidwa choncho. Mzere womwe ungagwetse pulojekiti ukafiira, pulojekiti yafiira. Ndinaona nkhope zikugwa, ndiye ndanena poyera kuti mtunduwu suchotsa malikisi. Woyang'anira amene amalanga zofiira amangophunzitsa ana kubisa, kenako amadzazindikira sabata ya 13. Chofiira chimangoitanitsa msonkhano ndi ine pasanathe masiku awiri, ndi chiganizo chomwe gulu silingapange lokha. Chikasu chimafuna dzina la munthu mmodzi, chochita chimodzi ndi tsiku, ndipo chikakhala masabata awiri otsatizana nambala yake osasuntha, timachitenga ngati chofiira.

Lipotilo alilembanso 3 koloko, tsamba limodzi. Pamwamba pali dashibodi, mzere uliwonse uli ndi nambala ya sabata ino, ya sabata yatha ndi malire ake. Pansi pake pali zomwe analonjeza sabata yatha ndi zomwe zatha ndi umboni wake, kenako zomwe zikuwatsekereza, malonjezo atatu a sabata ya mawa, ndi chomwe akufuna kwa ine. Ziganizo zonga “tinapitiriza kufufuza” ndazifufuta, popeza palibe angazitsimikize.

Chiganizo chomwe anafuna ndapereka lero lomwe, osadikira Lolemba. Tsamba la pa intaneti loonetsa magirafu, lomwe linali ndi maola 20 pa pulani, lachotsedwa, ndipo miyezo adzaionetsa mu sipuredishiti. Izi zibweza masiku atatu, kufikitsa apadera pa anayi. Batire akaigula mawa m'mawa. Lachitatu anditumizira chiwerengero cha miyezo ya mausiku atatu, kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko, yomwe iyenera kukhala 48.