Mwala umodzi m'madzi, zithunzi makumi atatu

Sabata ino yonse yathera pa chinthu chimodzi: kujambula pamanja katuni ya mwala ukugwera m'madzi kuti chubwi. Ndinkaganiza kuti nditha tsiku limodzi, poti moto ndi utsi ndinali nditayesako kale, koma madzi andisunga mpaka Loweruka.

Ndimajambula mu pulogalamu ya Krita, pa mafulemu 24 pa sekondi, ndiye kuti sekondi iliyonse ya katuni imagawidwa m'tizigawo 24. Munthu wa m'katuni akamayenda, chithunzi chimodzi chimatha kukhala mafulemu awiri ndipo diso silidandaula. Madzi akamathovoka amathamanga kwambiri, choncho poyambira penipeni ndinajambula chithunzi chatsopano pa fulemu iliyonse.

Ulendo woyamba ndinajambula madzi akukwera ngati duwa, kenako n'kubwerera momwe anakwerera. Nditaseweretsa, zinkaoneka ngati phala likuwira. Ndinatenga beseni ndi mwala n'kupita kuseri kwa nyumba, n'kujambula vidiyo pafoni kuti ndiione pang'onopang'ono. Apa m'pamene ndinaona kuti kuthovokako kumachitika kawiri. Mwala ukalowa umakankhira madzi m'mbali, ndipo amakwera mozungulira ngati mkombero wa dengu, m'milomo mwake n'kung'ambika kukhala madontho. Koma kumbuyo kwa mwalawo kumatsala dzenje la mpweya. Madzi akamathamangira kukatseka dzenjelo amawombana pakati, n'kutumphukira m'mwamba ngati kamtengo kowongoka. Katswiri wa sayansi wa ku England, Arthur Worthington, anafufuza zimenezi ndi zithunzi n'kuzisindikiza mu 1908, ndipo kamtengo ka madziko kamatchedwa ndi dzina lake. Ine ndinali nditakasiya, n'chifukwa chake mwala wanga unkaoneka wopanda kulemera.

Vuto lachiwiri linali madontho. Ndinkawasuntha mtunda wofanana pa fulemu iliyonse, ndiye ankayandama ngati timapepala. Dontho limachoka ndi liwiro, limachedwa likamafika pamwamba, kenako limayambanso kuthamanga potsika. Ndinawerengera motere: chinthu chogwa kuchokera pa masentimita 45 chimatenga pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi a sekondi, omwe ndi mafulemu 7. Ndiye dontho lokwera msinkhu umenewo ndinalipatsa mafulemu 7 pokwera ndi 7 potsika. Kuchokera pamwamba, mipata yake imakula motsatira 1, 3, 5, 7: likatsika muyeso umodzi pa fulemu yoyamba, pa yachiwiri litsika itatu, pa yachitatu isanu. Nditayatsa Onion Skins, yomwe imaonetsa zithunzi zam'mbuyo mozimiririka, ndinatha kuona ndi maso madontho atathithikana pamwamba n'kumatalikirana pansi. Mipata ikaoneka yofanana, pamenepo pali cholakwika.

Kawerengedwe komweka ndi kamene kamauza woonera kukula kwa chinthu. Madzi okwera mamita asanu amatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti atsike. Ukajambula thanthwe likugwera m'nyanja koma madziwo n'kutsika m'mafulemu 7, aliyense aona ngati ndi kamwala m'kapu, ngakhale utajambula mokongola chotani.

Pomaliza zinandikwanira zithunzi pafupifupi makumi atatu. Zitatu zoyamba mkombero ukutumphuka msanga, kenako ukuchedwa ndi kubooka mabowo, kamtengo kapakati kakutuluka mkombero ukugwa, ndipo timafunde tikufalikira mozungulira. Ndinaonetsetsanso kuti madontho asagwe onse pa fulemu imodzi, komanso kuti asafanane kukula. Ena akulu, ambiri ang'onoang'ono, aliyense ndi njira yake yokhota, ndipo aliyense akagwa asiye kafunde kake.

Nditabwerera ku moto wanga wakale ndinaona matenda omwewo. Ndinkangogwedeza malilime ake uku ndi uku ngati mbendera. Chimene chimayenda m'moto ndi mpweya wotentha wokwera, ndipo wozizira umalowa cham'mbali n'kuudya. Tsopano ndimatsatira kadzenje kamodzi kuchokera pansi, kakukwera chithunzi ndi chithunzi mpaka kudula nsonga ya lawi, nsongayo n'kuuluka n'kutha. Utsi umayamba ndi liwiro, koma ukamazizira umachedwa ndi kufufuma, ndipo umatha pong'ambika tizidutswa, osati pongozimiririka wonse pamodzi.

Mvula yokha ndiyo ikundisautsabe. Ndinaijambula timizere totsetsereka pa zithunzi zinayi zobwerezabwereza, koma nditaseweretsa inaoneka ngati yaima malo amodzi n'kumanjenjemera. Ndinapeza kuti kamzere kalikonse kankatsika mtunda wofanana ndi mpata wa pakati pa timizereto, moti kankagwera pomwe panali kanzake. Mawa ndiigawa patatu: yapafupi yaitali ndi yothamanga, yapakati, ndi yakutali yaing'ono yotuwa, iliyonse ndi chiwerengero chake cha zithunzi, zisanu, zisanu ndi ziwiri, ndi zisanu ndi zinayi, kuti zisamabwerezere pamodzi. Pansi ndiikapo timadontho todumpha, ta mafulemu atatu kapena anayi kalikonse.