Atandiuza kuti ndiwagulitse bolopeni

Pa intavyu ya ntchito yogulitsa malonda, satifiketi amangoiyang'ana pang'ono. Chimene amafunitsitsa kuona ndi mmene ungayankhulire ndi kasitomala mpaka atulutse ndalama. Nditaitanidwa ndi kampani ina ya ku Limbe yogulitsa zipangizo za mu ofesi, ndinayamba ndi kuyenda m'mashopu a zolembera. Ndinkafunsa mitengo ya makope, mapepala ndi mabolopeni, amene amawaperekera katundu, komanso masiku amene amadikira akapereka oda. Ndinalembanso papepala makasitomala omwe ndinali nawo pa ntchito yanga yakale ndi mmene ndinkakwanitsira mlingo wa pamwezi, chifukwa kungoti "ndimalimbikira" sikukhutiritsa wofunsa aliyense.

Mafunso a masiku onse anatha msanga. Kenako mayi mmodzi mwa ofunsawo anandipatsira bolopeni ya buluu n'kunena kuti, "Tigulitseni iyi."

Apa ambiri amathamangira kuitamanda kuti ndi yokongola, imalemba bwino, sichedwa kutha. Koma munthuyo sanakuuze ngati akufuna cholembera n'komwe, ndiye ukangoyamba choncho amati "ndili nayo kale" ndipo nkhani yathera pomwepo. Ine ndinali nditayeserera kunyumba ndi mchemwali wanga kuyamba ndi mafunso.

"Mayi, pa ntchito yanu mumalemba pamanja kawirikawiri?"

"Ndimasaina malisiti tsiku lonse."

"Nanga zolembera zomwe muli nazo zimakuvutani pati?"

Anati anzawo akabwereka sabweza, ndipo zina zimadukiza inki moti amachita kubwereza siginecha. Pamenepo ndinadziwa kuti bolopeni imodzi singathetse vuto lawo, akufunika bokosi. Ndinawapatsa bolopeniyo ndi pepala kuti asaine okha aone mmene ikulembera, kenako ndinati bokosi la 50 lingakwanire ofesi yonse, aliyense akhale ndi yake.

"Yadula, pamsika ndimapeza yotchipa," anatero.

Apa amakhala akuyesa ngati ungagwetse mtengo msanga chifukwa cha mantha. Sindinatsitse, komanso sindinanyoze za pamsikazo. Ndinawakumbutsa za siginecha yobwereza imene anadandaula okha, n'kuwauza kuti pogula bokosi mtengo wa imodzi umatsika, ndiponso tiwabweretsera mpaka pa ofesi ndi lisiti.

Chotsala chinali kupempha oda, ndipo ambiri amachita manyazi pomwepa. Ndinafunsa kuti, "Ndikubweretsereni bokosi limodzi kapena awiri Lolemba m'mawa?" Nditatero ndinakhala chete, chifukwa ukapitiriza kuyankhula umamupatsa munthu mpata wozemba funsolo. Anati ndibweretse limodzi.

Atandipatsa mwayi wofunsa, ndinafunsa ngati komishoni imawerengedwa kasitomala akapereka oda kapena akamaliza kulipira. Masukulu ndi maofesi ambiri amatenga katundu pa ngongole, choncho yankho lake ndi limene limakuuza mwezi umene ndalamayo idzafike m'thumba mwako.